Nyali ya sola imaonetsedwa kukada, m'nyumba mwa wogula

Pamsika masana nyali iliyonse ya sola imaoneka yofooka, chifukwa dzuwa limaimeza. Ogulitsa ena amaiyatsa m'katoni kapena pansi pa chitenje kuti anthu asuzumire, koma zimenezo sizimuuza mayi ngati adzatha kuona mwala mu nyemba usiku. N'chifukwa chake wogulitsa wodziwa ntchito yake, kaya ndi wa SunnyMoney kaya wodziimira payekha, amapempha kufika pakhomo dzuwa likulowa, ali ndi ndondomeko ya zoti anene ndi zoti achite.

Amafika cha m'ma 5 koloko madzulo, kukadali kowala. Akapereka moni n'kukhala pamphasa, nyali imakhalabe m'chikwama. Amayamba ndi mafunso: "Amayi, kukada mumayatsa chiyani? Mabatire a tochi amakutherani masiku angati? Foni mumakatchajitsa kuti?" Mayankho amenewa ndi amene amamuuza zoti aonetse. Mdima ukagwa amapempha banjalo kuti liyatse chomwe limayatsa masiku onse, koloboyi, kandulo kapena tochi ya mabatire, kenako mwana wasukulu atenge kope lake awerenge mokweza, akusuntha pang'onopang'ono mpaka pomwe zilembo zasiya kuoneka. Pamenepo amaikapo chizindikiro, ngakhale chitsononkho.

Apa m'pamene nyali imatuluka, ndipo amene amadina batani ndi mwini nyumba. Wogulitsa amati, "Bambo, dinani kamodzi kokha." Nyali zambiri zamtunduwu zili ndi magawo atatu a kuwala, ndipo kuyambira pa gawo lotsika n'kofunika kwambiri. Maso akalawa kuwala kwamphamvu, gawo lotsika limaoneka ngati mdima, pomwe ndi limene banjalo lizidzagwiritsa ntchito usiku wambiri. Mwana uja amawerenganso, n'kudutsa pachitsononkho paja, onse akuona okha. Kenako nyali imakolekedwa kudenga pakati pa chipinda kuti aone ngati ikufika m'makona, ndipo amayi amaitenga kupita nayo kukhitchini kukaona mumphika, kuchoka apo kukhola, mpaka njira ya kuchimbudzi. Wogulitsa amangotsatira m'mbuyo, osalankhulitsa.

Pa nkhani ya maola ndi pamene ogulitsa ambiri amagwa, ndipo kwa ine wobisa apa ndi wakuba. Nambala yaikulu yolembedwa pabokosi kawirikawiri imakhala ya gawo lotsika. Tiyerekeze nyali yomwe imayaka maola 6 pa gawo lamphamvu ikadzadza. Banja likaiyatsa kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko usiku, n'kuiyatsanso ola limodzi m'bandakucha, latha maola 4, kwatsala 2. Ndiye bambo alumikize foni pakabowo ka USB. Batire ndi limodzi lomwelo: moto umene walowa m'foni wachoka pa kuwala kwa usiku umenewo. Foni ya mabatani, yomwe batire lake limakhala pafupifupi 1000 mAh, nyali imaikwanitsa. Foni yaikulu ya 5000 mAh ingathe kuumitsa nyali yaing'ono isanadzadze n'komwe. Wogulitsa amalumikiza foni ya pakhomopo, osati yake, kuti zioneke ngati chingwe chikulowa komanso ngati chizindikiro cha kutchaja chayaka, ndipo amanena poyera kuti, "Foni muzitchaja masana, panelo ili padzuwa."

Za panelo amafotokoza atainyamula m'manja. Iyenera kukhala padzuwa tsiku lonse, pamalo pomwe mthunzi wa mtengo wa mango sudutsa, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye ipendekere kumpoto komwe dzuwa limadutsa nthawi imeneyo. Fumbi lipukutidwe ndi kansalu. Ngati panelo ili ndi chingwe chachitali, nyali yokhayo ikhale mkati kapena pamthunzi, chifukwa kutentha kumakalambitsa batire msanga. Anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje auzidwe mosapsatira kuti chiperoni chikakhala masiku angapo nyali siidzadza, ndipo pamasiku otero gawo lotsika ndiye chipulumutso.

Wogula naye akhale tcheru. Nyali yochita kuphethiraphethira mukaigwedeza ili ndi waya womasuka mkati. Yoyamba kuwala bwino n'kuzilala patangopita mphindi zochepa, pomwe akuti inakhala padzuwa tsiku lonse, batire lake latha. Funsani pepala la chitsimikizo, kuti ndi la miyezi ingati komanso mukabweze kwa ndani, ndipo lisiti likhale ndi tsiku logulira.

Wogulitsa wokhulupirira katundu wake amasiya nyaliyo igone pakhomopo ili yoyaka pa gawo lapakati, n'kupempha kuti wina aone nthawi yomwe yazima. M'mawa akabwera, nkhani ya mtengo ndi kalipiridwe kake imayambira pa maola amene banjalo laona lokha.