Positi yatuluka, koma chithunzi chili kuti?

Tiyerekeze shopu ya telala yomwe imatsatsa zovala patchanelo chake cha Telegram. Mwini shopu safuna kukhalira foni m'mawa uliwonse, choncho Lamlungu madzulo amakonzeratu mapositi a sabata yonse. Ali ndi tebulo lapakompyuta, mzere uliwonse positi imodzi: tsiku, nthawi, mawu, ndi dzina la chithunzi. Kapulogalamu kamene kali pa seva kamawerenga tebulolo n'kumatumiza nthawi ikakwana. Lolemba 6 koloko m'mawa mawu atuluka bwinobwino, akuti diresi yatsopano yafika, koma diresiyo palibe.

Chinachitika n'chiyani? Pali njira ziwiri zokonzeratu positi. Ina ndi yoti chithunzi mumachikwezeratu nthawi yomweyo, monga zimakhalira mu Meta Business Suite, ndipo ngati chili ndi vuto nthawi zambiri mumadziwa muli pomwepo. Njira ya telala wathuyu ndi inayo: positi siisunga chithunzi, imangosunga dzina lake ndi malo amene chili. Kapulogalamu kamakachitenga nthawi ikakwana, inu muli m'tulo. Kakapeza kuti dzina lasiyana ngakhale chilembo chimodzi, sikaganiza kuti mwina mumatanthauza chinachi. Kamabwerako chimanjamanja.

M'tebulo munalembedwa `diresi yofiira.jpg`, pomwe fayilo inali `Diresi Yofiira.JPG`. Pakompyuta ya Windows mayina awiriwa amatsegula fayilo imodzimodzi, n'chifukwa chake poyesa kunyumba zonse zinkayenda. Koma maseva ambiri amayendera Linux, ndipo kumeneko chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mpata wa pakati pa mawuwo nawonso ndi msampha: mu linki umayenera kulembedwa `%20`, ndipo mapulogalamu ena akaupeza amayesa kuti dzina lathera pomwepo.

Ife olemba Chichewa tilinso ndi msampha wathuwathu, womwe ndi kachizindikiro ka m'mawu ngati "m'mawa" ndi "ng'ombe". Kiyibodi ya foni kapena pulogalamu yolembera imatha kukapinda mwaluso, pomwe m'dzina la fayilo kali kowongoka. Ndi maso simungasiyanitse msanga, koma kwa kompyuta n'zilembo ziwiri. Chimodzimodzi "ŵ" wa mu Malaŵi. M'mawu a positi zilembeni monyadira, koma m'dzina la fayilo zisiyeni.

Lamulo la mayina likhale lalifupi moti aliyense m'shopu angathe kulikumbukira: zilembo zing'onozing'ono zokhazokha, manambala, ndi timizere m'malo mwa mipata. Tsiku lotulukira positi libwere koyamba, kenako chimene chili pachithunzi, pomaliza nambala.

```
2025-12-01_diresi-yofiira_01.jpg
2025-12-01_diresi-yofiira_02.jpg
2025-12-03_suti-yaukwati_01.mp4
```

Chaka chikuyamba, mwezi n'kutsatira, tsiku kumapeto, monga mwa kalembedwe ka ISO 8601. Ubwino wake ndi woti mafayilo akasanjidwa motsatira dzina, amakhala asanjidwanso motsatira kalendala. Mukayamba ndi tsiku, 1 Disembala imabwera patsogolo pa 2 Novembala. Ziro wa mu `01` nayenso ali ndi ntchito, chifukwa mapulogalamu ambiri amasanja chilembo ndi chilembo, ndiye popanda iye chithunzi cha 10 chimalowa pakati pa 1 ndi 2, ndipo makasitomala amayamba kuona kumsana kwa diresi asanaone kutsogolo.

Mayina amene foni imapereka, monga `IMG-20251128-WA0003.jpg` a WhatsApp, amangokuuzani tsiku limene chithunzi chinafika, ndipo mafoni awiri akhoza kutulutsa dzina lofanana, china n'kufufuta chinzake mufoda. Za `chomaliza2-chenicheni.jpg` ndisanene zambiri, tonse tinazilembapo.

Pa mafoda ine sindikonda zambiri. Atatu akwana: `zosakonza`, `zokonzeka` ndi `zatuluka`. Kapulogalamu kaziyang'ana mu `zokonzeka` mokha, ndipo fayilo ikangolembedwa m'tebulo isasinthidwe dzina kapena kusunthidwa mpaka positi itatuluka. Munthu waukhondo amene wasesa foda Lamlungu usiku amagwetsa mapositi ambiri kuposa waulesi. Dzinalo musalitayipenso m'tebulo, likopeni kuchokera pafayilo penipeni. Ndipo muuzeni Windows kuti azionetsa mathero a mayina, chifukwa mwachizolowezi amawabisa, ndiye munthu amawonjezera `.jpg` pafayilo yomwe ili nayo kale n'kutsala ndi `diresi.jpg.jpg`.

Dzina likalondola, chatsala ndi kukula kwa fayilo, ndipo apa malire amasiyana potengera njira yotumizira. Pa Telegram, kapulogalamu kakamakweza kokha fayilo, chithunzi chisapose 10 MB ndipo vidiyo isapose 50 MB. Kakangopereka linki kuti Telegram ikatenge yokha, malire amatsika kufika 5 MB pachithunzi ndi 20 MB pa zina. Choncho chithunzi cha 7 MB chimadutsa njira yoyamba n'kukanidwa njira yachiwiri. Kwina vuto silikhala kukula kokha: njira ya Instagram yotumizira mapositi kudzera m'mapulogalamu imalandira zithunzi za JPEG, pomwe iPhone kuyambira 2017 imasunga zithunzi ngati HEIC pokhapokha mutaisintha. Kungofufuta `.heic` n'kulemba `.jpg` sikusintha zamkati. Fayilo iyenera kutembenuzidwa.

Kuona kukula sikufuna luso. Tsegulani foda ya `zokonzeka`, sankhani `Details`, dinani `Size`, zazikulu zonse zibwera pamodzi. Amene ali pa Linux akhoza kulemba:

```
find zokonzeka -iname "*.jpg" -size +4800000c
find zokonzeka -type f -empty
```

Mzere woyamba ukutchula zithunzi zoposa mabayiti 4,800,000. Sindinalembe 5,000,000 dala: ena amawerenga megabayiti ngati mabayiti 1,000,000, ena 1,048,576, ndiye fayilo ya m'mphepete mwa malire ikhoza kuoneka yololedwa pakompyuta yanu koma n'kukanidwa kumene ikupita. Mzere wachiwiri ukusaka mafayilo opanda kanthu mkati. Amenewa amabwera netiweki ikaduka kapena magetsi akazima kukopa kusanathe. Dzina lilipo, lolondola ndithu, koma kukula kwake ndi ziro. Fayilo yoduka pakati siigwidwa ndi mzerewu, choncho yerekezaninso kukula kwa imene ili pa seva ndi imene ili pakompyuta.

Vidiyo ndiye imadya malo, koma masamu ake ndi apafupi. Titenge kavidiyo ka suti yaukwati ka masekondi 60 komwe foni yajambula pa mamegabiti 16 pa sekondi. Chulukitsani 16 ndi 60, mupeza 960, gawani ndi 8 poti bayiti imodzi ndi mabiti asanu ndi atatu, ndiye 120 MB. Sikangadutse pa 50 MB. Kuti kalowe, tsitsani mlingowo kufika pa mamegabiti 4, zomwe zikupereka 30 MB, mawu n'kuwonjezerapo pang'ono chabe.

```
ffmpeg -i suti.mp4 -vf scale=720:-2 -b:v 4M 2025-12-03_suti-yaukwati_01.mp4
```

Apa vidiyo yoimirira yachepetsedwa kukhala ya madontho 720 m'lifupi, omwe pafoni amaoneka bwino ndithu, ndipo kasitomala amene akuonera pa bando ya tsiku limodzi sadandaula. Ngati mukutumiza polozera linki, 30 MB yachulukabe: ikani `2M` m'malo mwa `4M`, kapena dulani vidiyoyo ikhale ya masekondi 30.

Telala uja akamaliza zonsezi, atsegule tchanelo chachiwiri chomwe muli iye yekha, atenge mzere wa fayilo yaikulu kwambiri pa sabatayo, auike kuti utuluke pakapita mphindi zisanu, kudzera pa seva yomweyo osati pakompyuta yakunyumba. Ukalephera, awerenge uthenga umene kapulogalamu kabweza. Ukakhala woti fayilo sinapezeke, monga `404` kapena `No such file or directory`, ayang'ane dzina ndi foda. Ukakhala `413`, vuto ndi kukula.