Mlandu wa Sikelo: Kalata Iphwe Ukali, Mfundo Zitsale

Miyezi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndiyo nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri m'mapiri a ku Thyolo. Ndiyonso nthawi imene mikangano imachuluka pa sikelo, pamene munthu amene wathyola masamba kuyambira m'mamawa amatula dengu lake kuti kalaliki alembe kulemera kwake. Kudandaula si chinthu chachilendo m'boma limeneli. M'masiku a thangata, anthu okhala m'minda ya azungu anapereka madandaulo awo a malo kwa Sir Sidney Abrahams m'chaka cha 1946. Mu Ogasiti 1953 mkwiyo unasefukira n'kusanduka chipolowe, ndipo thangata anadzatha mu 1962. Lero dandaulo liri ndi njira yake: ofesi ya manijala, nthumwi za bungwe la PAWU loimira anthu ogwira ntchito m'minda, ofesi ya zantchito ya pa boma, ndi bwalo la milandu ya pantchito. Koma njira yonseyi imayenda ndi pepala, ndipo pepala lolembedwa mtima uli m'mwamba limapunthwa pa khomo loyamba.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza, cha mtundu umene umapezeka kawirikawiri. Mayi wina wothyola tiyi wakhala akulemba m'kabuku kake makilogalamu amene sikelo yaonetsa tsiku lililonse. Kuyambira Lolemba pa 12 mpaka Loweruka pa 17 Januwale walemba 50, 55, 48, 53, 56 ndi 50. Onse pamodzi ndi 312. Atakafunsa ku ofesi, buku la kumeneko laonetsa 270. Pa 20 Januwale wakafunsa kapitawo, ndipo iye wamuyankha pamaso pa amayi ena awiri kuti akapitiriza kufunsa, dzina lake silidzalembedwanso dzinja likudzali. Madzulo omwewo mayiyo wauza mwana wake wa ku sekondale kuti alembe motere:

"Bwana Manijala, kalaliki wanu ndi mbava. Masiku onse amatibera makilo athu ndipo inu mukudziwa koma mumangokhala chete chifukwa mumadyera limodzi. Sabata yatha wandibera makilo ambirimbiri. Kapitawo wanunso ndi chitsiru, wandiopseza. Mukapanda kundipatsa ndalama zanga muona."

Mayiyo ali ndi chifukwa chokwiyira, koma kalatayi yasiya kunyumba zida zake zonse. Mulibe tsiku, mulibe nambala, mulibe mboni. M'malo mwake muli milandu itatu imene iye sangathe kuiikira umboni: kuti kalaliki ndi wakuba, kuti zimachitika masiku onse, ndi kuti manijala amadya nawo. Woilandira adzayamba wadziteteza yekha, ndipo nkhani idzachoka pa makilogalamu 42 n'kufika pa mwano wa wantchito. Mawu akuti "muona" angathenso kumveka ngati kuopseza, ndiye wodandaula n'kusanduka woimbidwa mlandu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yoyamba ya wokonza kalata yotere, kaya ndi mphunzitsi kapena kalaliki wopuma pantchito, si kufewetsa mawu ayi, koma kusankhula. Pa chiganizo chilichonse afunse mwini nkhani: "Amayi, kodi ichi munachiona ndi maso anu, munachimva ndi makutu anu, kapena mukuchiganizira?" Zimene anaona ndi kumva azilembe pambali m'ndandanda wake. Pa nkhaniyi zikupezeka zisanu ndi chimodzi: masiku ake, makilogalamu a tsiku lililonse, 270 ya m'buku la ku ofesi, mawu a kapitawo, mboni ziwiri zija, ndi china chimene mayiyo sanafune kuchitchula, chakuti Lachitatu pa 14 kunagwa mvula ndipo masamba anali onyowa.

Mfundo ya mvulayi isasiyidwe, ngakhale ikuoneka ngati yothandiza mbali inayo. Masamba onyowa amalemera kuposa ouma, ndipo yankho loyamba la ku ofesi lingakhale lakuti makilogalamuwo anachotsedwa chifukwa cha madzi. Kalata ikaitchula yokha, imatseka khomo limenelo. Tsikulo mayiyo anathyola makilogalamu 48. Ngakhale akanachotsapo gawo limodzi mwa magawo anayi, akanangochotsa 12, ndipo 30 akanatsalabe opanda wowafotokoza. Koma kalata ikabisa mvulayo, manijala akadzaitulukira adzakayikiranso manambala ena onse.

Kalata yokonzedwa, pambuyo pa keyala, tsiku, dzina, nambala ya ntchito ndi gulu limene mayiyo amathyolera, ikhoza kuyenda motere:

"Bwana Manijala,

DANDAULO LA MAKILOGALAMU 42 A PA 12 MPAKA 17 JANUWALE

Ndikulemba kupempha kuti muonenso kalembedwe ka masamba amene ndinathyola sabata imeneyi. Malinga ndi zimene ndinaona pa sikelo ndi kulemba m'kabuku kanga, ndinathyola makilogalamu 50, 55, 48, 53, 56 ndi 50, onse pamodzi 312. Buku la ku ofesi likuonetsa 270, kusiyana kwake 42. Pa 14 kunagwa mvula ndipo masamba anali onyowa; ngati panachotsedwa kanthu pa chifukwa chimenechi, ndikupempha kuti mundiuze kuchuluka kwake.

Pa 20 Januwale nditafunsa a kapitawo, anandiuza kuti ndikapitiriza kufunsa dzina langa silidzalembedwanso dzinja likudzali. Anzanga awiri analipo ndipo avomera kuchitira umboni.

Ndikupempha kuti buku la pa sikelo liyerekezedwe ndi kabuku kanga ine ndilipo, kuti ndilipidwe makilogalamu amene apezeke kuti anasiyidwa, ndiponso kuti munditsimikizire kuti sindidzachotsedwa chifukwa cha dandauloli. Ndidzathokoza kulandira yankho lolembedwa pofika pa 4 Febuluwale. Likapanda kufika, nkhaniyi ndidzaitengera ku ofesi ya zantchito.

Ine wanu, ..."

Chimene chachoka ndi mayina onyoza ndi zoganizira basi. "Wandibera" wasanduka manambala awiri oyang'anizana, 312 ndi 270, amene akufunsa funso lomwelo popanda kuloza munthu chala. Mwina ndi kuba, mwina ndi kuphonya polemba, ndipo buku ndilo lidzanene. "Wandiopseza" wasanduka mawu enieni a kapitawo, tsiku lake ndi mboni zake, zomwe n'zolemera kuposa liwu lakuti chitsiru. "Muona" wasanduka tsiku lomaliza ndi dzina la ofesi yotsatira. Uku si kuopseza, pakuti lamulo la zantchito la 2000 limalola wantchito kukadandaula kwa mkulu woona za ntchito.

Ngozi ya wokonza kalata ili mbali inanso: ulemu wopitirira muyeso. Pofuna kusakhumudwitsa bwana, amalemba kuti "makilo anga ena sakuoneka bwino" kapena "panali kusamvana pang'ono ndi a kapitawo". Apa mfundo zafa pamodzi ndi ukali. Zizindikiro zake ndi mawu monga "pang'ono", "mwina", "zinazake", ndi kupepesa kwa munthu amene sanalakwe. Njira yoyesera ndi kutenga ndandanda uja ndi kuchonga mfundo imodziimodzi m'kalata yatsopano. Zisanu ndi chimodzi zonse zipezeke, ndipo pasapezeke yachisanu ndi chiwiri imene mwini wake sananene. Kenaka kalata iwerengedwe mokweza kwa mwini nkhani asanaisayine, chifukwa iye ndiye adzayankhe mafunso.

Kalata ilembedwe ziwiri. Imodzi ipite ku ofesi, inayo wolandira aidinde kapena aisayine ndi kulembapo tsiku, ibwerere kunyumba. Kabuku kasaperekedwe, kapite ndi mwini wake pa tsiku loyerekeza. Ndipo ngakhale amati mlandu suwola, wa pantchito uli ndi malire ake: munthu akachotsedwa ntchito mosayenera, lamulo lija limampatsa miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule ku ofesi ya zantchito. Zikadzafika pamenepo, pepala lodindidwa lija ndilo lidzasonyeze kuti mawu a kapitawo analembedwa kale, mayiyo asanachotsedwe.