Makina omvera nsomba pansi pa nyanja

Kale, woyendetsa bwato akafuna kudziwa kuya kwa madzi ankamangirira mwala kapena chitsulo ku chingwe n'kuponya, kenako n'kuyeza chingwecho ndi mikono. Pamadzi osaya njirayi imagwira. Koma Nyanja ya Malawi, kumpoto kwake, imafika mamita pafupifupi 700. Chingwe chotalika choncho chimakokedwa ndi madzi, chimapendekeka, ndipo pochikweza bwato limakhala litachoka kale pamalopo. Masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi makina otchedwa ekosaunda, amene amayeza kuya pogwiritsa ntchito phokoso.

Aliyense amene anakuwapo pafupi ndi phiri n'kumva mawu ake akubwerera wadziwa kale mutu wa nkhaniyi. Phiri likakhala patali, mawuwo amachedwa kubwerera. Pansi pa bwato amamangirirapo kachipangizo kotchedwa transidyusa. Kameneka kamatulutsa kaphokoso kakafupi kolunjika pansi, kenako kamakhala chete n'kumamvetsera. Phokosolo likagunda pansi pa nyanja limabwerera, ndipo makina amawerenga nthawi imene yadutsa. Chimene makinawa amayeza kwenikweni ndi nthawi basi. Zina zonse ndi masamu.

M'madzi phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi liwiro lake mumpweya, lomwe ndi mamita 340. Tinene kuti bwato lili kunja kwa Monkey Bay, ndipo phokoso labwerera patatha sekondi 0.08. Tikachulukitsa 1,500 ndi 0.08 tipeza mamita 120. Umenewo ndi ulendo wopita ndi wobwerera, choncho tigawa pawiri: pansi pali pa mamita 60. Ngakhale pamalo ozama kwambiri a nyanja yathu, phokoso limapita ndi kubwerera sekondi imodzi isanakwane. N'chifukwa chake makinawa amatha kuyeza mobwerezabwereza bwato likuyenda, n'kumajambula mzere wa pansi pa nyanja pa sikirini. Chofunika kukumbukira n'chakuti kuyako kumayambira pa transidyusa. Ngati kachipangizoko kali mita imodzi pansi pa madzi, mitayo iyenera kuwonjezeredwa.

Akatswiri analimbikira luso limeneli sitima ya Titanic itamira mu 1912, pofuna njira yodziwira zoopsa zobisika m'madzi. Zoti lingathandize asodzi zinaoneka bwino mu 1935, pamene wasayansi wa ku Norway, Oscar Sund, anajambula magulu a nsomba ku Lofoten ndi ekosaunda.

Nanga nsomba imaoneka bwanji, pomwe mnofu wake ndi wodzaza madzi? Mnofuwo subweza phokoso kwambiri ayi. Chimene chimaulula nsomba ndi kathumba ka mpweya kamene mumakapeza pansi pa msana mukamatumbula chambo, kamene kamathandiza nsomba kuyandama. Phokoso likachoka m'madzi n'kugunda mpweya limabwerera mwamphamvu, ndipo gawo lalikulu la zimene makina amamva limachokera pa kathumbako. Nsomba imodzi ikadutsidwa ndi bwato imaoneka ngati kauta. Chifukwa chake n'chakuti phokoso limatsika likutambasuka. Nsomba ikakhala m'mphepete mwa phokosolo imakhala patali pang'ono ndi transidyusa, ikafika pakati imayandikira, kenako imatalikiranso. Nsomba zikakhala zambiri pamodzi, monga utaka pamwamba pa chirundu, timautato timalumikizana n'kukhala chibuluma chimodzi.

Apa m'pamene msodzi wa chilimira angapindule. Sikirini ikaonetsa chirundu pa mamita 30 ndipo chibuluma cha nsomba chili pakati pa mamita 15 ndi 22, akudziwa pofikitsa khoka komanso poyenera kulekezera kuti lisakodwe m'miyala. Pansi pa miyala pamabweza phokoso lamphamvu, pomwe matope amalimeza n'kubweza lofooka, motero makina omwewo amauzanso msodzi ngati pansi pali pong'amba ukonde.

Makina ambiri a asodzi amatulutsa phokoso la mitundu iwiri, 50 kHz ndi 200 kHz, ndipo lonse khutu la munthu silingalimve. La 200 kHz limaonetsa zinthu mwatsatanetsatane koma silifika patali, ndipo nthawi zambiri limakhala lopapatiza. Ngati latambasuka madigiri 12, pa mamita 60 limaona dera la mamita 13 okha m'lifupi. La 50 kHz limafika kozama ndipo limatambasuka kwambiri, koma nsomba zoyandikana limaziphatikiza. Tanthauzo lake n'lakuti ekosaunda imaona za pansi pa bwato zokha. Gulu la usipa likhoza kudutsa mamita 50 kumanzere, makina osadziwa kanthu. Sona ndiyo imathetsa vutoli. Imagwira ntchito mofanana, koma phokoso lake limalunjika kutsogolo ndi m'mbali, mozungulira bwato, kotero sitima zikuluzikulu zosodza m'nyanja zamchere zimaona gulu la nsomba lili patali, n'kudziwa kumene likulowera zisanaponye ukonde.

Makinawa amanamiza munthu wosawazolowera, ndipo pa Nyanja ya Malawi wonamiza wamkulu ndi nkhungu. Tizilombo timene timauluka ngati utsi pamwamba pa nyanja timayamba moyo ngati timphutsi ta m'madzi, ndipo kamphutsi kalikonse kali ndi timatumba ta mpweya. Masana timphutsito timabisala kozama, usiku timakwera. Pa sikirini timaoneka ngati nsalu yotambalala, ndipo wosadziwa akhoza kuponya khoka n'kukoka madzi okhaokha. Kusiyana kwake kulipo: gulu la nsomba limakhala ndi malire ooneka ndi mtundu wowirira, pamene nkhungu zimakhala zofewa, zopitirira mtunda wautali pa kuya kofanana. Chinanso chothandiza n'chakuti madzi a nyanjayi kupitirira mamita pafupifupi 250 alibe mpweya umene nsomba zimapuma. Chilichonse chooneka kumeneko si nsomba.

Thovu nalonso limasokoneza. Transidyusa ikamangidwa pafupi ndi chopalasira cha injini, kapena bwato likamadumpha pa mafunde a mwera, thovu limatchinga phokoso ndipo mzere wa pansi umadukaduka. Pamadzi osaya a pansi polimba, phokoso limatha kubwerera, kugunda pamwamba pa madzi, kutsikanso n'kubwereranso. Sikirini imaonetsa mizere iwiri, wina pa mamita 10 wina pa mamita 20. Wachiwiriwo ndi wabodza, ndipo umadziwika chifukwa uli pa kuya kowirikiza kawiri. Komanso zimene zili pa sikirini si chithunzi cha nthawi imeneyo. Za panopa zili kumapeto a kumanja kokha, zina zonse ndi zimene bwato lazidutsa kale. Ndipo makina wamba sanena kuti ichi ndi chambo, uyu ndi mcheni. Zimenezo amazindikira ndi msodzi, poona kuya, malo, nyengo ndi mmene gululo laimira.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa. Nsomba zoyenda m'magulu zikamachepa m'nyanja, zotsalazo zimasonkhanabe pamodzi. Bwato la ekosaunda limazipeza mosavuta, limabwera lodzaza, ndipo anthu padoko amaganiza kuti nsomba zidakalipo zambiri pamene zikutha. Makina omwewa angatithandize kudziwa zoona. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anayenda pa nyanja yathu ndi sitima yotchedwa Usipa, akuyeza ndi phokoso kuchuluka kwa nsomba za pakati pa nyanja monga usipa ndi ndunduma. Kauniuni wotere ayenera kumachitika pafupipafupi, ndipo zotsatira zake zizifika kwa asodzi ndi makomiti a m'madoko, kuti chiwerengero cha mabwato ndi makoka chizigwirizana ndi nsomba zimene zilipodi m'madzi.