Malire a Mawu Amasuntha Ngati a Munda

Malire a munda sasuntha tsiku limodzi. Chaka chino khasu ladya pang'ono mzere wa m'malire, chaka chamawa ladyanso, ndipo pofika nthawi ya adzukulu munda wafika pamtengo wa mango umene kale unali wa eni ake ena. Kwina zimachitika mosiyana: tchire limalowerera, mwini munda n'kumangolima pakati pokha. Palinso wina amene amatapa mbewu kumunda wakumtunda n'kukadzala kudimba. Matanthauzo a mawu amayenda m'njira zitatu zomwezi. Amakula, amachepa, kapena amanyamulidwa kupita kwina chifukwa chinthu china chafanana ndi chinzake.

Tiyambe ndi kukula. Makolo athu asanaone buku, ankadziwa kale kuwerenga: ankawerenga mbuzi polowa m'khola, ankawerenga miyezi. Sukulu zamishoni zitabwera, mwana woloza zilembo chimodzichimodzi ndi chala ankaoneka ngati akuchita zomwezo, ndipo mawu aja anangofutukuka n'kulandira ntchito yatsopano. Yakaleyo sinatayike. Nchifukwa chake lero munthu akati "ndikuwerenga", sitidziwa ngati wagwira nyuzipepala kapena ndalama mpaka titamuona. Achishona nawonso ali ndi mawu amodzi a ntchito ziwirizi. Kukula kwina n'kwa dzulodzuloli, ndipo kumachokera m'golosale. Mayi akatuma mwana kukagula sefu, sakutanthauza kampani. Sopo aliyense waufa ndi sefu, monganso mankhwala alionse otsukira mano ndi kolugeti. Dzina la katundu mmodzi lameza anzake onse.

Kuchepa kumavuta kukuona, chifukwa mawuwo amaoneka ngati sanasinthe. Tamverani chiganizo ichi: "Mwamuna wake amamwa." Palibe amene angafunse kuti amamwa chiyani. Aliyense amamwa madzi, thobwa, tiyi, koma mneniyo akaima yekha popanda chomwedwacho, watsala ndi mowa basi. "Ndi woyembekezera" ndi chimodzimodzi: sakuyembekezera basi kapena malipiro.

Chitsanzo chimene ambiri tachiona chikuchitika ndi maso athu ndi kachilombo. Poyamba kachilombo ndi kanthu kalikonse kamoyo kakang'ono, kaya nyerere, kaya kofumbula chimanga m'nkhokwe. Azachipatala anatenga mawuwa pofotokoza tizilombo tosaoneka ndi maso toyambitsa matenda, ndipo apo tanthauzo linakula. Kenaka Edzi inapezeka m'Malawi mu 1985, ndipo pawailesi, m'zipatala ndi m'misonkhano anthu anamva "kachilombo koyambitsa Edzi" mosalekeza. Mawu atalitali otere satha kukhala osadulidwa, makamaka pamene chinthucho anthu akuopa kuchitchula. Mchira unagwa, n'kutsala "ali ndi kachilombo". Umboni woti tanthauzo linachepadi unaoneka mu 2020. Mliri wina utafika, atolankhani sakanatha kungonena kuti anthu apezeka ndi kachilombo. Ankayenera kuwonjezera kuti "ka korona", apo ayi omvera akanamva zina. Njira yoyesera ndi imeneyo. Onani tanthauzo limene limabwera mawu akaima okha, ndi limene likufuna mawu ena oliperekeza. Loperekezedwalo ndiye kuti latuluka kunja kwa malire, ngakhale litakhala lakale kuposa linzake.

Kufanizira ndiye kudumpha. Mpando uli ndi miyendo, nkhani ili ndi mutu, ndipo palibe amene amaseka, chifukwa fanizolo linazolowereka mpaka kuleka kumveka ngati fanizo. Mawu oti ndege ali ndi nkhani yokoma. M'Chiswahili ndege ndi mbalame, ndipo Aswahili ataona chombo chamapiko chikuuluka anachitcha mbalame. Kwawoko mawuwa akadali ndi matanthauzo onse awiri. Ife tinabwereka latsopano lokha, poti mbalame tinali nayo kale, choncho Mchewa sangaloze mpheta n'kunena kuti ndege. Fanizo linachitikira m'chinenero china, kuchepa n'kuchitikira pobwereka. Kwacha nayo inayamba ndi fanizo: kucha kwa kunja kunaimira kutha kwa ulamuliro wa atsamunda, ndipo anthu ankafuula mawuwa m'misonkhano yandale. Zambia inatcha ndalama yake kwacha mu 1968, Malawi mu 1971, ndi tambala, wolengeza kucha uja, ngati ndalama yaing'ono. Lero "kwacha yagwa" ndi chiganizo chabwinobwino, ndipo kalembedwe kakusonyeza kuti mneni uja anasanduka dzina: timati yagwa, osati kwagwa.

Apa fanizo la munda lija limayamba kutsimphina. Munda ukasuntha malire pamakhala mlandu kwa amfumu, koma mawu amasuntha popanda wodandaula, ndipo pali kusuntha kwina kosalowa bwino m'njira zitatu zija. Mawu oti boma akusonyeza zimenezi.

M'Chiswahili, boma ndi mpanda wamitengo kapena waminga wotchinga mudzi, msasa kapena ziweto. Apaulendo a m'zaka za m'ma 1800 ankamanga boma pogona m'tchire, ndipo Henry Morton Stanley anawagwiritsa ntchito mawuwa m'tanthauzo limeneli m'buku lake la mu 1872 lonena za m'mene anapezera Livingstone. Dziko lino litalowa m'manja mwa Angelezi mu 1891, malo a atsamunda oyambirira ambiri anali otchingidwa ndi mipanda yotere, ndipo dzina la mpanda linagwera malo onsewo: ofesi, nyumba ya bwanamkubwa wa dera, ndende. Mpanda utazulidwa dzina linatsala. Kuchoka apo boma linakhala tauni imene pali maofesiwo, monga timanenera kuti "ndikupita kuboma". Linakhalanso dera lonse lolamulidwa kuchokera pamenepo, nchifukwa chake timati Malawi ali ndi maboma 28. Pomaliza linakhala ulamuliro weniweniwo.

Palibe paliponse pamndandandawu pamene wina anati ulamuliro ukufanana ndi mpanda. Chimene chinachitika n'choti zinthuzo zinali pamodzi, dzina n'kumatsetsereka kuchoka pa china kupita pa choyandikana nacho. Ndipo pa sitepe iliyonse panali ziganizo zolola matanthauzo awiri nthawi imodzi. Munthu wonena kuti "msonkho ukupita kuboma" akhoza kukhala akunena malo, womvera n'kumva anthu olamula, onse awiri n'kumvana bwinobwino osadziwa kuti asiyana. Mwana amene akumvetsera amatola tanthauzo lachiwirilo ngati lenileni. Ziganizo zoterezi ndizo mlatho umene tanthauzo limawolokerapo, ndipo wofufuza mbiri ya mawu amazisaka m'makalata ndi m'mabuku akale.

Pali nkhani ina yofala, imene ngakhale anthu ophunzira amaikamba motsimikiza, yoti boma ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi otchula ulamuliro wa Angelezi kumaiko akutali. Imakoma kumva, koma ndi yabodza, ndipo zaka zokha zikuigwetsa. Stanley analemba za boma mu 1872, kusanakhale ulamuliro wa Angelezi kuno kapena ku Kenya, ndipo boma lakelo linali la minga. Ajeremani ku Tanganyika nawonso ankatcha malo awo boma, ndipo iwo sakanatchula maofesi awo ndi chidule chotamanda Angelezi. Mpaka lero Amasai ndi Aswahili amatsekera ng'ombe zawo m'boma.