Kamera isanayambe kujambula, pamafunika "eya" wa mwiniwake

Gulu la achinyamata likafuna kujambula vidiyo ya mjigo wa m'mudzi, limayamba lapita kwa amfumu. Mwambo ndi umenewo, komatu chilolezo cha amfumu sichiyankhira mayi aliyense wobwera kudzatunga madzi. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limateteza chinsinsi cha munthu payekha.

N'chifukwa chake ojambula odziwa ntchito amakonzeratu mawu achidule, n'kuwanena kamera ikujambula kuti yankho lisungike, makamaka pamene wofunsidwayo sadziwa kulemba. Akhoza kunena motere: "Mayi, tikujambula vidiyo ya mjigo uno. Tidzaionetsa pa msonkhano wa mudzi komanso pa Facebook. Palibe malipiro, ndipo mukakana palibe chomwe mutaye. Mukasintha maganizo lisanafike Loweruka, tiuzeni, tidzakuchotsamo. Mukuvomera kuti nkhope ndi dzina lanu zioneke?"

Tsikulo amalitchula dala. Vidiyo ikangolowa m'magulu a WhatsApp, palibe angaibweze. Nkhope ndi dzina zimafunsidwanso padera, chifukwa wina amalola mawu ake okha. Mwana wosakwana zaka 18 amamuvomerera ndi kholo, naye mwanayo afunsidwe.

Vuto limabwera anthu akamayesa kuti kujambulidwa n'kulembetsa chithandizo. Wina akafunsa kuti "Nanga feteleza abwera liti?", ndiye kuti uthenga sunamveke, ndipo uyenera kubwerezedwa. Bungwe lina likadzapempha vidiyoyo kuti lipemphere ndalama, ojambula abwerere kwa mayi aja kukapemphanso chilolezo.