Lamulo la Thévenin

Lamulo la Thévenin ndi lamulo la sayansi ya magetsi limene limanena kuti seketi yokhala ndi mabatire ndi marezisita ambiri, ikaonedwa kuchokera pa nsonga ziwiri zokha, imagwira ntchito ngati gwero limodzi la voteji lolumikizidwa mondondozana ndi rezisita imodzi. Voteji ya gwerolo imalembedwa V_Th, ndipo rezisitansi yake imalembedwa R_Th. Munthu akadziwa manambala awiriwa, amatha kudziwiratu voteji ndi kalenti imene chipangizo chilichonse chidzalandire pa nsongazo, popanda kuwerengeranso seketi yonse. Lamuloli limagwira ntchito pa seketi imene mbali zake zimatsatira lamulo la Ohm, kutanthauza kuti voteji ikawirikiza kawiri, kalenti nayonso imawirikiza kawiri.

Mbiri yake

Woyamba kufotokoza mfundoyi anali Hermann von Helmholtz, wasayansi wa ku Germany, m'chaka cha 1853. M'chaka cha 1883, Léon Charles Thévenin, amene ankagwira ntchito ya uinjiniya wa matelegalafu ku France, anaitulukiranso payekha, ndipo dzina lake ndi limene linakhazikika. M'chaka cha 1926, Edward Lawry Norton wa ku Bell Labs ku America ndi Hans Ferdinand Mayer wa kampani ya Siemens ku Germany anasonyeza, aliyense payekha, njira ina yofanana nayo. Njirayo imaika gwero la kalenti pambali pa rezisita yomweyo, ndipo imatchedwa lamulo la Norton.

Kapezedwe ka manambala awiri

Choyamba ndi kusankha nsonga ziwiri, zimene nthawi zambiri zimatchedwa A ndi B, ndi kuchotsapo chipangizo chimene chinalumikizidwa pamenepo. Voteji imene ili pakati pa A ndi B pamene palibe chilichonse chokoka kalenti pa nsongazo ndiyo V_Th.

Chachiwiri ndi kupeza R_Th. Pa pepala, gwero lililonse la voteji limafufutidwa n'kujambula waya m'malo mwake, koma rezisitansi ya m'kati mwa batire imasiyidwa pomwepo. Gwero la kalenti, ngati lilipo, limachotsedwa n'kusiya mpata. Kenako marezisita otsalawo amaphatikizidwa monga mmene akuonekera kuchokera pa A ndi B. Zimenezi zimachitika pa pepala pokha. Kulumikiza mitu iwiri ya batire yeniyeni ndi waya kumayambitsa moto.

Chipangizo cha rezisitansi R_L chikabwezeredwa pa nsongazo, kalenti ndi voteji yake zimapezeka motere:

```
I = V_Th / (R_Th + R_L)
V = I × R_L
```

Chitsanzo cha ku Chiradzulu

M'boma la Chiradzulu, monga m'madera ambiri a kumudzi m'Malawi, nyumba zambiri sizinalumikizidwe ku magetsi a ESCOM. Mabanja ndi eni magolosale amadalira batire ya mavoti 12 imene imachajidwa ndi sola. Vuto lodziwika ndi lakuti wailesi yakanema imazima kapena nyale zimachita mdima, batire ili yodzaza. Mwini wake angaganize kuti batire yatha n'kugula ina yatsopano, pamene vuto lili pa waya. Lamulo la Thévenin limathandiza kusiyanitsa zinthu ziwirizi.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, koma ndi ofanana ndi amene amapezeka pa zipangizo zotere. Golosale ina pafupi ndi msika wa Mbulumbuzi, pa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, ili ndi batire imene imasungidwa m'nyumba ya kuseri. Ndi usiku, choncho sola sikupereka kalenti. Batireyo ndi yodzaza, ili ndi mavoti 12.6, ndipo rezisitansi ya m'kati mwake pamodzi ndi ya mitu yake ndi 0.1 Ω. Kuchoka pa batire kufika mu golosale pali mamita 20. Popeza kalenti imapita ndi kubwerera, waya yense ndi wa mamita 40. Waya wa kopa wa 1.5 mm² ali ndi pafupifupi 0.012 Ω pa mita iliyonse, choncho waya yenseyo ali ndi pafupifupi 0.5 Ω. Mu golosale muli nyale zoyaka zimene pamodzi zikutengedwa ngati rezisita ya 12 Ω. Pambali pa nyalezo pali soketi, ndipo mabowo ake awiri ndiwo nsonga A ndi B.

Pamene pa soketi palibe kanthu, kalenti imangodutsa m'batire, m'waya ndi m'nyale. Rezisitansi yonse ndi 0.1 + 0.5 + 12, imene ndi 12.6 Ω, ndipo kalenti ndi ampeya imodzi. Batire ndi waya zimadya mavoti 0.6, n'kutsala mavoti 12.0 pa soketi. Imeneyi ndiyo V_Th.

Pofuna R_Th, gwero la mavoti 12.6 limafufutidwa pa pepala. Kuchokera pa soketi pamaoneka njira ziwiri zoyandikana: ina yodutsa m'nyale, ya 12 Ω, ndi ina yodutsa m'waya ndi m'batire, ya 0.6 Ω.

```
V_Th = 12.6 × 12 / (0.6 + 12) = 12.0 V
R_Th = (0.6 × 12) / (0.6 + 12) = 0.57 Ω
```

Batire, waya ndi nyale zonse tsopano zasanduka gwero la mavoti 12.0 ndi rezisita ya 0.57 Ω. Chipangizo chaching'ono cha 24 Ω chikalumikizidwa pa soketi, chimakoka maampeya 0.49 ndipo chimalandira mavoti 11.7, amene ndi okwanira. Koma chipangizo chachikulu, monga wailesi yakanema imene ikutengedwa ngati 4 Ω, chimakoka maampeya 2.63 ndipo chimalandira mavoti 10.5 okha. Mavoti 1.5 atayikira m'njira. Zipangizo zambiri za mavoti 12 zimayamba kuvuta voteji ikatsika chonchi, ndipo nyale nazonso zimachita mdima chifukwa zili pa nsonga zomwezo.

Yankho limeneli lingatsimikizidwe powerengera seketi yonse. Nyale za 12 Ω ndi chipangizo cha 4 Ω zikakhala moyandikana zimapanga 3 Ω. Kuwonjezapo 0.6 Ω kumapereka 3.6 Ω, ndipo batire imatulutsa maampeya 3.5. Batire ndi waya zimadya mavoti 2.1, n'kutsala mavoti 10.5, mofanana ndi yankho loyamba. Kusiyana kwake ndi kwakuti njira ya Thévenin imafuna kugawa kamodzi kokha pa chipangizo chilichonse chatsopano.

Manambalawa akusonyezanso pamene pali vuto. Mbali yaikulu ya R_Th ikuchokera ku waya, osati ku batire. Waya wa 4 mm² wa kutalika komweko ali ndi pafupifupi 0.18 Ω. Akaikidwa m'malo mwa woyambayo, V_Th imakhala mavoti 12.3, R_Th imatsika kufika pa 0.27 Ω, ndipo wailesi yakanema ija imalandira mavoti 11.5. Kusuntha batire kuti iyandikire golosale kumathandiza mofananamo. Batire yatsopano pa waya wakaleyo ikanasintha zochepa kwambiri.

Kuyeza ndi mita

Nthawi zambiri waya amakhala atakwiriridwa kapena atadutsa m'denga, ndipo kukula kwake sikudziwika. Apa manambala awiri aja amapezeka poyeza kawiri ndi mita ya magetsi. Koyamba, voteji imayezedwa pa soketi popanda chipangizo, ndipo imeneyi ndi V_Th. Kachiwiri, rezisita yodziwika imalumikizidwa, ndipo voteji yatsopano, V_L, imayezedwa. Kenako:

```
R_Th = R_L × (V_Th − V_L) / V_L
R_Th = 4 × (12.0 − 10.5) / 10.5 = 0.57 Ω
```

Rezisita yoyesera iyenera kukhala yaikulu thupi, chifukwa m'chitsanzochi imatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 28. Iyeneranso kukoka kalenti yokwanira kuti voteji itsike mooneka. Ikatsika pang'ono kwambiri, kulakwa kochepa kwa mita kumasokoneza yankho lonse.

Kuyeza komweku kukachitika pa mitu ya batire, kumasonyeza ngati batire yakalamba. M'chitsanzo chija, pamene soketi ili pa mavoti 10.5, mitu ya batire ili pa mavoti pafupifupi 12.25, kusonyeza kuti batire ili bwino. Voteji ikanagwa kwambiri pa mitu pomwepo, vuto likanakhala batire kapena mitu yochita dzimbiri.

Mabuku ena amapeza R_Th pogawa V_Th ndi kalenti imene imayenda nsonga ziwiri zikagundanitsidwa. Pa pepala njirayi ndi yolondola, koma pa batire ndi yoopsa. Pa soketi ya m'chitsanzo pangayende maampeya 21, ndipo pa mitu ya batire pangayende oposa 100, okwanira kusungunula waya. Kuyeza rezisitansi ndi mita pa seketi imene ili ndi magetsi nakonso n'kulakwa, chifukwa nambala yake imakhala yabodza ndipo mita ingapse.

Malire a lamuloli

Seketi ya Thévenin imafanana ndi seketi yeniyeni pa nsonga ziwiri zokha. Sinena zoona pa zimene zikuchitika m'kati. Pa chithunzi cha Thévenin, soketi ikakhala yopanda kanthu palibe kalenti imene ikuyenda, koma mu golosale nyale zikukokabe ampeya imodzi ndipo batire ikutha. Choncho lamuloli silingagwiritsidwe ntchito powerengera maola amene batire idzakhale.

Malire ena ndi akuti mbali zimene zikuphatikizidwa ziyenera kutsatira lamulo la Ohm. Nyale za LED sizitero, ndipo babu la kawaya limakhala ndi rezisitansi yaikulu likatentha kuposa likazizira. Wailesi yakanema ndi inveta nthawi zambiri zimakoka kalenti yochuluka voteji ikatsika. N'chifukwa chake manambala a m'chitsanzo ndi ongoyandikira. Sola nayonso singaimiridwe ndi V_Th ndi R_Th imodzi, popeza kalenti yake imadalira dzuwa, ndipo imakhala pafupifupi yosasintha mpaka voteji itafika pamene kalentiyo imagwa mofulumira. Batire imatsatira lamuloli kwa kanthawi, koma ikamatha V_Th imatsika ndipo R_Th imakwera. Njira yodziwira ngati lamuloli likugwira ndi kuyeza ndi marezisita awiri osiyana. Mayankho a R_Th akasiyana kwambiri, ndiye kuti seketiyo sikutsatira lamulo la Ohm.

Pa magetsi osinthasintha, monga a ESCOM a mavoti 230 amene amasintha maulendo 50 pa sekondi, lamuloli limagwirabe ntchito, koma m'malo mwa rezisitansi pamakhala impidansi, imene imaphatikiza zochita za makoilo ndi makapasita. Thiransifoma ndi mawaya a m'mapolo zimaoneka ngati gwero limodzi ndi impidansi imodzi. Injini ya chigayo ikamayamba imakoka kalenti yochuluka kudzera mu impidansiyo, ndipo mababu a nyumba zimene zili pa thiransifoma yomweyo amachita mdima kwa kanthawi, makamaka a nyumba za kumapeto kwa waya.