Filimu ya mphindi 10 ilibe malo a moni

Tsamba limodzi la nkhani yolembedwa limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, choncho muli ndi masamba 10 okha. Tiyerekeze mnyamata wagulitsa njinga ya bambo ake mobisa. Pofika tsamba lachiwiri, owonera adziwe kale kuti njinga yapita ndipo bambo akubwera madzulo. Chapakati zinthu zitembenuke: wogula uja ndi mnzake wa bambo, ndipo akubwera nawo kunyumba atakwera njingayo. Masamba awiri omaliza, mnyamata aulule kapena aname, basi.

Ambiri amataya mphindi zitatu mnyamata akudzuka, akusamba, akupereka moni. Chotsani chigawo chimodzi muwerengenso. Ngati nkhani ikumvekabe, chigawocho chinali chongodya nthawi.